Kupempha bajeti yowonjezera ya masamba a mchezo: zotsatira ziti zilowe m'memo yopita kwa dairekitala?

Ofesala wa zotsatsa malonda amene akufuna kuti dairekitala avomereze kuwonjezera ndalama zotsatsira malonda pa masamba a mchezo nthawi zambiri sasowa manambala. Akatsegula Ads Manager ya Meta, kumene amayendetsera malonda a pa Facebook ndi Instagram, amapeza mizere yambirimbiri ya zotsatira, ndipo pafupifupi uliwonse akhoza kuusandutsa chifukwa chopemphera ndalama. Ntchito imene ilipo ndi yosankha nambala yoti memo yonse itsamirepo. Pali njira zinayi zimene anthu amatsata kawirikawiri, ndipo zonse tiziyesa ndi funso limodzi: kodi zikuwauza chiyani dairekitala za ndalama zimene sizinagwiritsidwebe ntchito? Ndalama za miyezi yapitayi zinapita kale, ndipo siginecha imene ofesala akuifuna ndi ya ndalama zatsopano.

Kuti kuyerekezaku kukhale ndi poyambira, tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi chongopeka kuyambira pano mpaka kumapeto, ndipo ndalama tizilemba ngati manambala chabe popanda kutchula mtundu wake. Kampani ina imagulitsa katundu kudzera pa webusaiti yake. Oda imodzi imabweretsa ndalama pafupifupi 80, ndipo mukachotsa mtengo wa katunduyo, kulongedza ndi kutumiza, pamatsala 32, kutanthauza 40 peresenti. M'miyezi itatu yapitayi ofesala anagwiritsa ntchito 1,500, kenako 2,000, kenako 2,500, zonse pamodzi 6,000. Tsopano akufuna kuti bajeti ya mwezi ifike pa 3,500.

Njira yoyamba: kusonyeza kuchuluka kwa anthu amene anaona malonda

Iyi ndi njira yosavuta kulemba, ndipo ndi imene ofesala watsopano amathamangira. Memo imanena kuti malonda anafika kwa anthu ochuluka chonchi, otsatira tsamba anawonjezeka chonchi, ndipo kanema wina anaoneredwa kambirimbiri. Manambalawo amakhala aakulu ndipo amaoneka bwino papepala. Koma dairekitala amene amayang'anira ndalama za kampani yonse sangawaike pambali pa pempho la dipatimenti ina imene ikufuna galimoto kapena wantchito wina, chifukwa sakunena kuti kampani inapezapo chiyani. Komanso ena mwa manambalawa amawerengedwa mopepuka kwambiri: Meta ili ndi mzere wa anthu amene anaonera kanema kwa masekondi atatu okha, ndipo ngakhale mzere wotchedwa ThruPlays umawerenga munthu akangofika pa masekondi 15, kapena akamaliza kanema wofupikira pamenepo.

Njirayi ili ndi malo ake pamene katundu ndi watsopano ndipo cholinga chimene akuluakulu anagwirizana kale chinali chakuti anthu amudziwe. Pa kampani ya m'chitsanzo chathu, imene imatha kuwerenga maoda ake, manambalawa akhoza kukhala m'zowonjezera za kumapeto kwa memo basi.

Njira yachiwiri: kugwiritsa ntchito ndalama zimene Ads Manager ikunena kuti malonda anabweretsa

Apa memo yayamba kulankhula chinenero cha dairekitala. Ads Manager ikusonyeza kuti pa miyezi itatu ija panali maoda 300, a ndalama zokwana 24,000, ndipo mzere wa Purchase ROAS, umene umagawa ndalama zolowa ndi ndalama zotsatsira, ukusonyeza 4. Ofesala amalemba kuti 1 aliyense amene anagwiritsidwa ntchito anabweretsa 4, ndiye kuti 1,000 yowonjezera idzabweretsa 4,000. Chiganizochi n'chokopa, koma chili ndi mabowo awiri amene wowerengera ndalama wa kampani amawaona msanga.

Bowo loyamba ndi lakuti 4 uja ndi ndalama zolowa, si phindu. Ngati pa katundu aliyense pamatsala 40 peresenti, ndiye kuti malonda otsatsawo amayamba kudzilipira okha ROAS ikafika pa 2.5, chifukwa kawerengedwe kake n'kotere:

```
1 / 0.40 = 2.5
```

Kampani imene phindu lake ndi 20 peresenti ingafunike ROAS ya 5, moti kwa iyo 4 yemweyo akanakhala kuluza. Memo imene ikutchula ROAS popanda kunena malire amenewa imasiya dairekitala kuti adziwerengere yekha, ndipo akadziwerengera yekha amayambanso kukayikira zina zonse zimene zalembedwamo.

Bowo lachiwiri ndi la mmene maoda 300 aja anawerengedwera. Ngati ofesala sanasinthe makonzedwe, pa makampeni ofuna maoda Meta imadziwerengera oda ya munthu amene anagula pasanathe masiku 7 atadina malondawo, komanso ya amene anagula pasanathe tsiku limodzi atangowaona osadina n'komwe. Choncho kasitomala wakale amene analandira imelo ya kampani m'mawa, naona malonda pa Instagram masana akudutsa pa zithunzi zina, kenako n'kugula madzulo kudzera pa linki ya mu imelo ija, akhoza kuwerengedwa ndi Meta komanso ndi pulogalamu yotumizira maimelo. Ngati kampani ikutsatsanso pa TikTok kapena pa Google, aliyense amadziwerengera mwa njira yake, moti mukaphatikiza malipoti onse maoda akhoza kupitirira amene ali m'mabuku a kampani. Palinso nkhani ya mafoni a Apple: kuyambira mu Epulo 2021, pamene iOS 14.5 inatuluka, pulogalamu iliyonse imayenera kupempha chilolezo isanatsate zimene munthu akuchita pa mapulogalamu ndi mawebusaiti ena, ndipo mbali ina ya maoda amene Meta imasonyeza ndi ongoyerekezera mwa masamu. M'chaka chomwecho nthawi yowerengera kudina inatsika kuchoka pa masiku 28 kufika pa 7, choncho ofesala amene akuyerekeza zotsatira za lero ndi za zaka zimenezi zisanachitike akuyerekeza zinthu zoyezedwa ndi miyezo iwiri yosiyana.

Sindikunena kuti manambala a Ads Manager ndi abodza. Ndi othandiza kwambiri poyerekeza chithunzi china ndi chinzake m'kampeni imodzi, pakuti zonse zimayezedwa mofanana. Koma m'memo yopempha ndalama, umboni wochokera kwa amene adzalandire ndalamazo sumayenera kuima wokha.

Njira yachitatu: mtengo wa oda imodzi kuchokera m'mabuku a kampani

Njirayi imafuna ntchito imene inayenera kuyamba miyezi itatu ija isanayambe. Linki iliyonse ya malonda imakhala ndi zizindikiro kumapeto kwake, zimene Google Analytics kapena pulogalamu ya sitolo ya pa intaneti imasunga munthu akafika pa webusaiti:

```
?utm_source=facebook&utm_medium=paid_social&utm_campaign=atsopano
```

Kumapeto kwa mwezi ofesala amatenga maoda amene ali ndi zizindikirozi n'kuwafananitsa ndi maoda amene analipiridwadi, kuchotsapo amene anabwezedwa ndi amene sanalipiridwe. M'chitsanzo chathu apeza maoda 210, osati 300. Ndalama zolowa ndi 16,800, ROAS ndi 2.8, ndipo oda iliyonse inadya pafupifupi 29 ya ndalama zotsatsira pamene phindu lake ndi 32. Maoda 210 anasiya 6,720, ndipo mukachotsa 6,000 pakutsala 720. Nambalayi ndi yaing'ono poyerekeza ndi 24,000 ya m'njira yachiwiri, ndipo ofesala ambiri akaiona amagwa ulesi. Komabe ndi nambala imene wowerengera ndalama angaitsimikize, ndipo memo imene wowerengera ndalama waiona kale isanafike pa desiki ya dairekitala imayenda mofulumira kuposa imene ayenera kuifufuza pambuyo.

Nayonso ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwatchula m'memo momwemo. Imaphonya munthu amene anaona malonda pa foni n'kudzagula patapita masiku pa kompyuta atalemba yekha dzina la webusaiti, komanso amene anaimba foni kapena kutumiza uthenga m'malo modina linki. Choncho maoda enieni ochokera ku malondawa mwina ndi oposa 210 ngakhale kuti sangafike 300. Njira yaulemu ndi kulemba manambala onse awiri, kufotokoza kusiyana kwake m'chiganizo chimodzi, ndi kumanga pempho pa nambala yaing'onoyo.

Vuto lalikulu la njirayi lili pena. Mtengo wa 29 ndi avareji ya miyezi itatu, ndipo avareji imasakaniza ndalama zoyamba, zimene zinagwira ntchito bwino, ndi zomaliza, zimene mwina sizinagwire. Ofesala akalemba kuti 1,000 yowonjezera idzabweretsa maoda 35 pa mtengo womwewo, akulonjeza chinthu chimene manambala ake omwe angachitsutse akangowayang'ana mwezi ndi mwezi.

Njira yachinayi: kusonyeza zimene ndalama zowonjezera zinachita, ndi kupempha pang'onopang'ono

Tiyeni tiwagawe maoda 210 aja. Mwezi woyamba 1,500 inabweretsa maoda 60, wachiwiri 2,000 inabweretsa 72, wachitatu 2,500 inabweretsa 78. Ndiye kuti 500 yoyamba yowonjezera inabweretsa maoda 12 owonjezera, pa mtengo wa pafupifupi 42 iliyonse, ndipo 500 yachiwiri inabweretsa 6 okha, pa mtengo wa 83. Popeza phindu la oda ndi 32, kuwonjezera konse kuwiri kunali kuluza, ngakhale kuti avareji inkaonekabe yabwino. Dairekitala amene ali ndi pensulo m'manja akhoza kupeza zimenezi m'mphindi zochepa, ndipo n'zopweteka kwa ofesala kuti azimve kwa bwana wake m'malo mozinena yekha.

Zikaoneka chonchi sizikutanthauza kuti pempho lafa. Zikutanthauza kuti pakufunika kufufuza kumene ndalama zowonjezerazo zinapita. Kampaniyi ili ndi makampeni awiri. Yoyamba imatsatira anthu amene anafikapo kale pa webusaiti, ndipo yachiwiri imafunafuna anthu atsopano. Chifukwa yoyambayo ndi imene inkaoneka bwino kwambiri mu Ads Manager, ofesala anaikako ndalama zonse zowonjezera: 500, kenako 1,000, kenako 1,500, ndipo maoda ake anali 23, 33 ndi 40. Kampeni ya anthu atsopano inakhalabe pa 1,000 mwezi uliwonse, ndipo inabweretsa 37, 39 ndi 38, pa mtengo wa pafupifupi 26.

Chifukwa chake chimaoneka pa mizere iwiri yoyandikana. Reach ndi chiwerengero cha anthu amene anaona malonda, pamene Frequency ndi avareji ya maulendo amene aliyense anawaona. Anthu amene anafikapo kale pa webusaiti ndi gulu lokhala ndi malire, ndipo silikula chifukwa bajeti yakula. Pa kampeni yoyamba Reach inangokwera pang'ono pamene Frequency inachoka pa 2 kufika pa 6, kutanthauza kuti ndalama zatsopanozo zinagula mwayi woonetsa chithunzi chomwecho kwa anthu omwewo kasanu ndi kamodzi. Pa kampeni ya anthu atsopano Frequency sinafike ngakhale pa 2, ndipo gulu limene ingafikire likadali lalikulu. Tiwonjezere kuti anthu amene anaika kale katundu m'basiketi ya pa webusaiti ambiri mwa iwo akanagulabe ngakhale popanda kuwakumbutsa, moti kampeni yowatsatira imaoneka yaphindu kuposa mmene ilili, ndipo izi zimachitika ngakhale m'mabuku a kampani.

Memo ya njira yachinayi imavomereza zonsezi n'kupempha chinthu china. Ikhoza kuyamba motere:

"Bwana, ndikupempha kuti muvomereze kukweza bajeti ya masamba a mchezo kuchoka pa 2,500 kufika pa 3,500 pa mwezi, m'magawo atatu, ndipo gawo lililonse lidzatulutsidwe pokhapokha lapitalo litakwaniritsa malire amene ndalemba m'munsimu. Mwezi woyamba sindikupempha ndalama zatsopano: ndichotsa 1,000 ku kampeni yotsatira ofika pa webusaiti, kumene 500 yomaliza inabweretsa maoda 7 okha, n'kuiika ku kampeni ya anthu atsopano, imene kwa miyezi itatu yakhala ikubweretsa oda pa mtengo wa 26 pamene phindu la oda ndi 32. Ngati maoda a kampeniyi achoka pa 38 kufika pa 70 kapena kuposa, ndikupempha 500 yowonjezera mwezi wachiwiri, ndipo 500 ina mwezi wachitatu ngati yoyambayo yabweretsa maoda osachepera 16. Ndalama zochuluka kwambiri zatsopano zimene kampani ingatulutse pa miyezi itatuyi ndi 1,500. Manambala onse achokera m'maoda olipiridwa ndipo a ku maakaunti awaona."

Nambala 70 sinangosankhidwa kuti imveke bwino. Kuti 1,000 yosunthidwayo idzilipire yokha pamafunika maoda 32 owonjezera, pakuti 1,000 kugawa ndi 32 ndi 31.25, ndipo 38 kuphatikiza 32 ndi 70. Chimodzimodzi 16 yachokera pa 500 kugawa ndi 32, imene ndi pafupifupi 15.6. Pansi pa ndime yoyambayo pamangofunika tebulo laling'ono la miyezi itatu ndi makampeni awiri, chiganizo chofotokoza chifukwa chimene Ads Manager ikunenera 300 pamene mabuku akunena 210, tsiku loperekera lipoti, ndi malo oti dairekitala asainepo. Zonsezi zimakwana pa tsamba limodzi, ndipo zithunzi za malonda ndi manambala a Reach zikhoza kumatidwa kumbuyo kwa amene angafune kuziona. Ofesala alembenso kuti kubweza kampeni yoyamba pa 500 kudzachepetsa maoda ake ndi pafupifupi 17, kuti dairekitala asadzadabwe nazo mwezi ukatha. Maoda amenewo ankadya 1,000 kuti asiye phindu la 544.

Njirayi ili ndi mtengo wake kwa ofesala. Imamukakamiza kulemba ndi dzanja lake kuti ndalama zina za miyezi iwiri yapitayi sizinagwire ntchito bwino, ndipo pali maofesi ena kumene kuvomera kotero kumakumbukiridwa nthawi yaitali kuposa pempho lenilenilo. Imachedwetsanso ndalama: ngati nyengo yogulitsa kwambiri yayandikira, miyezi itatu yoyesera ikhoza kutha nyengoyo itadutsa, ndipo pamenepo ndi bwino kupempha kuti magawowo akhale aafupi kapena kuyamba msanga. Koma kufupikitsa kuli ndi polekezera. Meta imanena kuti gulu la malonda limafuna zotsatira pafupifupi 50 pa sabata kuti lichoke pa gawo limene mzere wa Delivery umalemba kuti Learning, ndipo kusintha bajeti kwambiri nthawi imodzi kukhoza kulibwezera pa gawo limeneli. Kampeni ya maoda 38 pa mwezi ili kutali ndi 50 pa sabata, moti zotsatira zake zimakwera ndi kutsika sabata ndi sabata popanda chifukwa chooneka. Kuiweruza pa masiku 7 n'kuweruza mwayi chabe, ndipo n'chifukwa chake memo ikupempha mwezi wathunthu pa gawo lililonse, komanso kuti 1,000 ija iwonjezedwe pang'onopang'ono m'masiku oyambirira m'malo mwa tsiku limodzi.

Dairekitala wosamala angafunsenso kuti, "Mukudziwa bwanji kuti maodawa sakanabwera okha?" Kuyerekeza mwezi ndi mwezi sikuyankha funso limeneli mokwanira, chifukwa miyezi imasiyana payokha, ndipo mwina mtengo wa katundu unasintha kapena dipatimenti ina inatumiza maimelo ambiri nthawi yomweyo. Yankho lolimba limachokera ku kusiya gulu lina la anthu osawaonetsa malonda. Meta ili ndi chida chotchedwa Conversion Lift chimene chimachita zimenezi, koma chimafuna maoda ambiri kuti kusiyana kuoneke, ndipo kampani yaing'ono ngati ya m'chitsanzo chathu singapeze yankho lodalirika mmenemo. Chimene ingachite ndi kusankha madera awiri amene malonda ake akhala akufanana, kuwonjezera ndalama m'dera limodzi lokha, n'kuyerekeza maoda onse a m'mabuku ochokera m'madera awiriwo mosayang'ana zizindikiro za pa linki. Ndi muyezo wosakwanira, koma umagwira ngakhale anthu aja amene anagula osadina.

Kusankha pakati pa njira zinayizi

Pa kampani imene imatha kuwerenga maoda ake, ine ndingamange memo pa njira yachinayi, ndi manambala otengedwa mwa njira yachitatu. Njira yachitatu payokha ndi yokwanira pamene bajeti yakhala yosasintha kwa miyezi yonse, moti palibe umboni wa zimene ndalama zowonjezera zimachita. Pamenepo ofesala anene poyera kuti mtengo wa oda udzakwera bajeti ikakula, ndipo aike malire a pamene adzalekere. Pamene makasitomala amagula mobwerezabwereza, malire a 32 akhoza kukwezedwa, pokhapokha mabuku akusonyeza kuti ndi angati anabweranso m'miyezi 6 kapena 12, osati chifukwa ofesala akuyembekezera kuti adzabweranso. Kampani imene malonda ake amatha pa foni kapena pamaso m'pamaso imagwiritsa ntchito kawerengedwe komweko ndi sitepe imodzi yowonjezera: mtengo wa munthu mmodzi amene wasiya nambala yake, ndi chiwerengero cha otere amene amafika pogula, chimene ayenera kuchipereka ndi a dipatimenti yogulitsa osati ofesala mwini.

Chotsala ndi lipoti la mwezi woyamba, limene memo inalonjeza. Tiyerekeze kuti kampeni ya anthu atsopano yabweretsa maoda 61 m'malo mwa 70. Avareji yake ndi 2,000 kugawa ndi 61, pafupifupi 33, ndipo ofesala angakopeke kunena kuti zangotsala pang'ono kukwana. Koma 1,000 yosunthidwayo yabweretsa maoda 23 okha owonjezera, pa mtengo wa 43, choncho malire sanakwaniritsidwe ndipo 500 ya mwezi wachiwiri sayenera kuipempha. Ngakhale zili choncho, 23 ndi ochuluka kuposa 17 amene 1,000 yomweyo inkabweretsa kumene inali. Lipotilo linene zonse ziwiri, lisonyeze Frequency ndi mtengo wa kudina kamodzi kuti zioneke ngati vuto lili pa gulu la anthu kapena pa zithunzi zimene zatopetsa, ndipo lipemphe mwezi wina pa 1,500 ya kampeni imeneyi kuti padziwike ngati 500 yoyamba yowonjezera imadzilipira yokha.